Chotsetsereka ndi chopopedwa: momwe gulukosi, sodiyamu ndi potaziyamu amawolokera nembanemba ya selo

Ndikafunsa ana asukulu kuti gulukosi amalowa bwanji m'selo lofiira la magazi, ambiri amayankha kuti selolo limagwiritsa ntchito mphamvu pomulowetsa. Ndikawafunsa chifukwa chake, amati ndi poti pali puloteni imene imamunyamula. Apa m'pamene pagona vuto lonse. Iwo aona chonyamulira, ndiye aganiza kuti pali wina amene akukhetsa thukuta. Koma mpopi wa madzi otsika m'phiri la Mulanje ndi mjigo wa pamudzi zonse ndi zipangizo, ndipo zonse zimatulutsa madzi. Pa mpopi umangotsegula, madzi n'kubwera okha chifukwa akuchokera kumtunda. Pa mjigo uyenera kupopa, ndipo ukangosiya madzi amaleka, chifukwa akukwera kuchokera pansi.

M'kalasi ya bayoloji njira yoyamba timaitchula kuti fasilitetedi difyushoni, yachiwiri akitivi thiransipoti. Ine pano ndizinena kuti kutsetsereka kothandizidwa ndi kupopa. Funso lozisiyanitsira si lakuti kodi pali puloteni kapena ayi. Funso ndi lakuti chinthucho chikulowera kuti, kumtunda kapena kumunsi, ndipo ngati chikukwera, walipira ndani.

Tiyambe ndi khoma lenilenilo. Selo lililonse ndi lokutidwa ndi nembanemba yopangidwa ndi mizere iwiri ya timafuta, yopyapyala moti mutaunjika nembanemba 100,000 sizingakwane milimita imodzi. Pakati pake ndi mafuta okhaokha. Okosijeni, amene ndi wamng'ono ndipo alibe chaji yamagetsi, amangodutsa popanda womuthandiza. Gulukosi ndi wamkulupo ndipo amakonda madzi, choncho mafuta aja amamukana. Sodiyamu ndi potaziyamu ndi aang'ono ndithu, koma ali ndi chaji ndipo amayenda atazunguliridwa ndi madzi, kotero nawonso sangadutse. Onse atatuwa amafuna khomo, ndipo makomowo ndi mapuloteni omizidwa mu nembanembamo. N'chifukwa chake kupezeka kwa puloteni sikukuuzani kanthu.

Khomo la gulukosi m'selo lofiira la magazi limatchedwa GLUT1. Si bowo lotseguka mbali zonse. Lili ngati kachipinda ka zitseko ziwiri zimene sizitseguka nthawi imodzi. Chitseko chakunja chikatseguka, gulukosi amalowa n'kukhala pamalo omukwana bwino. Kenako puloteniyo imasintha kaimidwe, chitseko chakunja chimatseka, chamkati n'kutseguka, gulukosi n'kugwera m'selo. Mphamvu yosinthira kaimidweyi imachokera ku kunjenjemera kumene tinthu tonse ting'onoting'ono timakhala nako chifukwa cha kutentha. Palibe ATP imene yaphwanyidwa, ndipo ATP ndiye kanthu kamene selo limaphwanya likafuna mphamvu yogwirira ntchito.

Chimene ana asukulu amadabwa nacho n'chakuti GLUT1 sadziwa kuti kunja ndi kuti, mkati ndi kuti. Gulukosi wa mkati akapeza chitseko chamkati chili chotseguka, nayenso amalowa n'kutulutsidwa kunja. Chimene chimachititsa kuti ambiri azilowa ndi kuchuluka basi. M'magazi a munthu amene sanadye muli gulukosi pafupifupi 5 mmol/L, nambala imene timaiona pa kamakina koyezera shuga kuchipatala. Mkati mwa selo akakhala wocheperapo, ofika pa chitseko chakunja amachuluka kuposa ofika pa chamkati.

Mungathe kuziona ndi maso m'labotale. Pali gulukosi wina wosinthidwa pang'ono, wotchedwa 3-OMG, amene GLUT1 amamunyamula koma selo silingathe kumudya. Muike maselo ofiira m'madzi okhala ndi 5 mmol/L ya gulukosi ameneyu, muziyeza mkati mwa maselowo. Poyamba amalowa mothamanga, kenako liwiro limatsika, ndipo mkati mukafika 5 mmol/L nambala imaima. Dikirani mpaka madzulo, siifika 6. Sikuti makomo atsekedwa ayi, koma olowa ndi otuluka afanana. Tsopano chotsani maselo omwewo muwaike m'madzi opanda gulukosi. Yense uja ayamba kutuluka kudzera pa makomo omwewo. Zizindikiro ziwirizi, kuima pamene mbali ziwiri zafanana ndi kubwerera pamene kutsetsereka kwatembenuka, ndizo zimasonyeza kutsetsereka kothandizidwa.

Thupi limagwiritsa ntchito kubwerera kumeneku tsiku ndi tsiku. Mukadya nsima masana, gulukosi amachuluka m'magazi ochokera m'matumbo, ndipo amalowa m'maselo a chiwindi kudzera pa khomo lotchedwa GLUT2 n'kusungidwa ngati gilayikojeni. Usiku, mimba ili pululu, chiwindi chimaphwanya nkhokwe ija, gulukosi amachuluka mkati mwa selo, ndipo amatulukira pa GLUT2 yemweyo kupita m'magazi kuti ubongo usagone ndi njala. Khomo silinasinthe. Chasintha ndi mbali imene kuli kumtunda.

Pali misampha itatu imene ndimaona anthu akukodwamo, ndipo woyamba ndi wa kukhuta. Mukamawonjezera gulukosi kunja kwa selo, liwiro lolowera limakwera, koma limafika poti silikweranso, chifukwa makomo onse ali kalikiliki ndipo sangazungulire mofulumira kuposa pamenepo. Ena akaona mzere wa pa girafu ukukwera kenako n'kugona, amati imeneyi ndi pampu. Si choncho. Chilichonse chodutsa pa puloteni yonyamula chimakhuta, kaya ndi chotsetsereka kaya chopopedwa. Kukhuta kumasiyanitsa gulukosi ndi okosijeni, osati GLUT1 ndi pampu. N'chimodzimodzi ndi kusankha: GLUT1 amanyamula D-gulukosi, amene timadya, koma amakana L-gulukosi, amene amasiyana naye ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Pampu nayonso imasankha. Kusankha sikutithandiza kuzisiyanitsa.

Msampha wachiwiri ndi wochenjera kwambiri, ndipo wophunzira akakodwamo sindimudzudzula, chifukwa ndiye kuti wawerenga. Gulukosi akangolowa m'selo, enzayimu yotchedwa hekisokinezi imamumata fosifeti, ndipo fosifetiyo imachokera ku ATP. Ndiye wina amati, mwaona, ATP yagwira ntchito. Zoona, koma yagwira ntchito gulukosi atalowa kale. Gulukosi womatidwa fosifeti ndi chinthu china, GLUT samuzindikira, choncho sangatuluke. Zotsatira zake n'zakuti gulukosi weniweni amakhalabe wochepa mkati, ndipo kutsetsereka sikutha. Zili ngati mayi amene akuchotsa ndowa yodzaza pa mpopi n'kuikapo yopanda kanthu. Akugwira ntchito ndithu, koma si iye amene akukankha madzi m'paipi.

Wachitatu ndi insulini. M'minofu ndi m'maselo a mafuta khomo lalikulu la gulukosi ndi GLUT4, ndipo nthawi zambiri makomowa amasungidwa mkati mwa selo, m'timatumba. Insulini ikafika kuchokera ku kapamba, timatumbato timapita ku nembanemba n'kukhomapo makomo aja. Kugwira ntchito kwa minofu, monga kulima kapena kupalasa njinga, kumachitanso zomwezo ngakhale popanda insulini, n'chifukwa chake odwala matenda a shuga amalangizidwa kuti asamangokhala. Gulukosi amalowa wochuluka, inde, koma chifukwa makomo achuluka. Palibe wamukankhira kumtunda.

Tsopano tipite ku mjigo. Kunja kwa selo, m'madzi a m'thupi, sodiyamu alipo pafupifupi 145 mmol/L, pamene mkati alipo 12 yokha. Potaziyamu ndi zosemphana: mkati 140, kunja 4. Nembanemba imadontha pang'onopang'ono nthawi zonse, sodiyamu kulowa, potaziyamu kutuluka. Pakanakhala makomo otsetsereka okha, nambalazi zikanasendera kufupi n'kutsala pang'ono kufanana, ngati 3-OMG uja. Kusiyana kotereku kukakhalapo kwa zaka 70 za moyo wa munthu, ndiye kuti pali wina amene akupopa usana ndi usiku.

Amene anamupeza wopopayo ndi Jens Christian Skou wa ku Aarhus m'dziko la Denmark. Mu 1957, akufufuza minyewa ya m'miyendo ya nkhanu, anapeza enzayimu imene imaphwanya ATP mwachangu pokhapokha sodiyamu ndi potaziyamu akakhalapo onse awiri. Anazindikira kuti enzayimuyo iyenera kukhala pampu yeniyeniyo, ndipo patatha zaka 40, mu 1997, analandira mphotho ya Nobel.

Pampuyi nayonso ili ndi zitseko ziwiri, koma kutseguka kwake n'komangiriridwa ku ATP. Ikatsegukira mkati, imagwira masodiyamu atatu. Akakhala atatuwo m'malo mwawo, ATP imaphwanyidwa, ndipo fosifeti yake imamatirira pa pampu yeniyeniyo. Onani kusiyana kwake ndi nkhani ya hekisokinezi: kuja fosifeti inapita pa katundu atafika kale, kuno yapita pa wonyamula katundu ali m'manja. Fosifetiyo imakakamiza pampu kutembenukira kunja, ndipo ikatero malo aja sagwiranso sodiyamu mwamphamvu, choncho amamutaya kunja ngakhale kuti kunjako ndi wochuluka kale. Kenako mapotaziyamu awiri amakhala m'malomo, fosifeti imagwa, ATP ina imabwera, pampu imatsegukiranso mkati n'kusiya mapotaziyamu aja. Atatu kutuluka, awiri kulowa, ATP imodzi kupita. Chinsinsi chake n'chakuti pampu imagwira katundu mwamphamvu kumene ali wochepa, n'kumutaya kumene ali wochuluka. GLUT1 sangachite zimenezi.

Pa zinthu za chaji, kumtunda sikuyezedwa ndi kuchuluka kokha. Mkati mwa selo la minyewa muli chaji yotsika poyerekeza ndi kunja, pafupifupi -70 mV, ndipo imakokera mkati chilichonse cha chaji ya +. Pa sodiyamu, kuchuluka ndi magetsi zonse zikumukokera mkati. Pa potaziyamu zikulimbana: kuchuluka kukumukankhira kunja, magetsi akumukokera mkati. Mtengo wa ulendo uliwonse, ΔG, umawerengedwa chonchi, pomwe C1 ndi kuchuluka kwa chinthucho kumene chikuchokera, C2 kumene chikupita, Na+ ndi sodiyamu, K+ ndi potaziyamu:

```
ΔG = RT ln(C2/C1) + zFΔV
Na+ kutuluka:  6.4 + 6.8 = 13.2 kJ/mol   × 3 = 39.6
K+ kulowa:     9.2 − 6.8 =  2.4 kJ/mol   × 2 =  4.8
```

Nambala yoyamba pa mzere uliwonse ndi ya kuchuluka, yachiwiri ndi ya magetsi, pa kutentha kwa thupi kwa madigiri 37. Zonse pamodzi ndi 44 kJ, ndipo ATP ya m'selo lamoyo imapereka pafupifupi 50 kJ. Ndimakonda masamu amenewa chifukwa amasonyeza kuti pampu siwononga ndalama: chenji chotsala n'chochepa kwambiri, moti sodiyamu wachinayi sakanakwanira. Amasonyezanso kuti ntchito yolemetsa ndi yotulutsa sodiyamu. Mukachita masamu omwewa pa gulukosi wolowa pa GLUT1, yankho limakhala pansi pa ziro, kutanthauza kuti ulendowo ndi waulere. Ndipo ndalama zimene pampu imadya si zochepa. Munthu atangogona pamphasa, gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a ATP ya thupi lonse limapita ku mapampu amenewa, ndipo mu ubongo ndi pafupifupi theka.

Njira yosavuta yodziwira kuti chinthu chikupopedwa ndi kuimitsa wopopayo n'kuona chimene chichitike. Ogwira ntchito m'labotale ya chipatala amaziona kawirikawiri. Magazi oti aikidwe mwa odwala amasungidwa m'filiji pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo pozizira choncho pampu imatsala pang'ono kuimiratu, pamene kudontha kuja sikuleka. Masabata akamapita, potaziyamu amachulukirachulukira m'madzi a m'thumbamo, n'chifukwa chake kwa makanda amasankha magazi osakhalitsa. Magazi okayeza nawonso akaikidwa m'filiji usiku wonse maselo asanalekanitsidwe ndi madzi ake, m'mawa makina amasonyeza potaziyamu wokwera moopsa, pamene wodwalayo ali bwinobwino. Wodziwa ntchito akaona nambala yoteroyo amayamba wafunsa kuti magaziwo anatengedwa nthawi yanji ndipo anagona kuti.

Njira ina yoimitsira pampuyi makolo athu a m'chigwa cha Shire ankaidziwa kale, ngakhale sankaitchula choncho. Ulembe umene alenje ankapaka ku mivi unkachokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe, ndipo dzina lake la sayansi, Strophanthus kombe, linatengedwa pakamwa pa anthu a kumeneko. John Kirk, dokotala amene anali pa ulendo wa ku Zambezi wa David Livingstone umene unayamba mu 1858, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake, ndipo atatsuka mkamwa anamva kuwawa, mtima wake n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa sitirofanthini, ndipo njere za kombe zinakhala malonda otumizidwa kunja kuchokera ku Nyasaland. Mankhwalawa, pamodzi ndi achibale ake wabayini ndi digokisini, amakhala pa pampu cha kunja n'kuimanga kuti isazungulire. Akakhala ochepa kwambiri, sodiyamu amakwera pang'ono m'maselo a mtima, kashiamu amachedwa kutuluka, mtima n'kumafinya mwamphamvu. Akachuluka, mtima umasokonezeka n'kuima, monga zinkachitikira nyama yolasidwa. Koma mukathira mankhwala omwewa pa maselo ofiira aja a m'labotale, 3-OMG amalowabe ngati palibe chachitika.

Mpaka pano zinthu zagawika bwino, koma gulukosi ali ndi khomo lina limene limasokoneza amene analoweza pamtima kuti gulukosi amangotsetsereka. Taganizani za nsima ija ili m'matumbo aang'ono. Chakudya chikamatha kugayika, gulukosi wotsala m'njira ya matumbo amachepa kuposa wa m'maselo a khoma la matumbolo. Pakanakhala GLUT yekha, kuyamwa kukanaima pamenepo, wotsalayo n'kupita kuchimbudzi. Koma mwa munthu wathanzi pafupifupi gulukosi yense amayamwidwa. Ndiye kuti akukwera mtunda. Ndipo puloteni imene imamulowetsa, SGLT1, siphwanya ATP ngakhale imodzi.

Yankho analipereka Robert Crane pa msonkhano wa ku Prague mu 1960. SGLT1 salola gulukosi kudutsa yekha. Amayamba wagwira masodiyamu awiri, kenako gulukosi mmodzi, n'kutembenuka nawo onse. Sodiyamu akufunitsitsa kulowa, monga taonera, ndipo polowa amakokera mnzakeyo mkati. Zili ngati chingwe chodutsa pa gudumu pamwamba pa chitsime, ndowa yolemera ikamatsika mbali ino, yopepuka imakwera mbali inayo. Masodiyamu awiri otsika amapereka mphamvu yokwanira kuunjika gulukosi mkati kuposa kunja maulendo masauzande. Koma ndowa yolemera ija wina anayenera kuikweza kaye, ndipo ameneyo ndi pampu.

Choncho m'selo limodzi la khoma la matumbo muli zonse zitatu, chilichonse kumbali yake. Kumbali yoyang'ana chakudya kuli SGLT1, akulowetsa gulukosi mokwera mtunda. Kumbali yoyang'ana magazi kuli GLUT2, pomwe gulukosi wounjikana uja amatsetserekera m'magazi mwaulere. Kumbali yomweyo kuli pampu, ikutulutsa sodiyamu amene walowa kuti mkati azikhalabe wochepa. Kupopa kwa pampu timati kwachindunji, chifukwa ATP ikuphwanyidwa pa puloteni yomweyo. Kwa SGLT1 ndi kupopa kodalira, chifukwa akudya ntchito imene pampu inagwira kale. Koma ndi kupopa ndithu, popeza gulukosi sakuima pamene mbali ziwiri zafanana.

Mungazisiyanitse bwanji ziwirizi poyesa? Yang'anani nthawi. Mukathira wabayini kumbali ya magazi, pampu imaima msanga, koma gulukosi amapitiriza kulowa kwa kanthawi, n'kumachepa pang'onopang'ono pamene sodiyamu akudzaza m'selo. Mukachotsa sodiyamu kumbali ya chakudya, kuunjikana kwa gulukosi kumaima nthawi yomweyo, ngakhale ATP ili mbwee. Pa GLUT1 zonse ziwirizi sizisintha kanthu.

Impso zimachita zofanana. Tsiku lililonse zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi, ndipo gulukosi yense wa mmenemo amabwezedwa, wambiri kudzera pa SGLT2, mbale wake wa SGLT1. Shuga wa m'magazi akapitirira 10 mmol/L kapena chapomwepo, makomowa amakhuta, wotsalayo n'kutuluka ndi mkodzo atakoka madzi. Ndiko kukodza pafupipafupi ndi ludzu losatha la wodwala matenda a shuga, ndiponso umboni wina wakuti zopopa nazo zimakhuta.

Kapaketi ka Thanzi ORS kamene mayi amasungunula mu lita imodzi ya madzi abwino kamadalira SGLT1. Pa kolera, monga imene inavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, poizoni wa kachilomboka amachititsa maselo a matumbo kutaya mchere ndi madzi mosalekeza, koma khomo la SGLT1 limagwirabe ntchito. Mukapatsa wodwala madzi a mchere wokha, sodiyamu wambiri amangodutsa. Mukaikamo gulukosi, awiriwa amalowa limodzi, pampu imatulutsira sodiyamu kumbali ya magazi, madzi n'kutsatira mchere. Muyezo umene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2002 ndi magalamu 13.5 a gulukosi ndi 2.6 a mchere pa lita, pamodzi ndi potaziyamu ndi sitireti, zimene zimapereka 75 mmol/L ya gulukosi ndi 75 ya sodiyamu. Kuwonjezeramo shuga kuti mwana amve kukoma, kapena kumupatsa chakumwa chotsekemera cha m'botolo m'malo mwake, kumabweza zinthu m'mbuyo. Makomo akakhuta, shuga wotsala m'matumbo amakoka madzi kuchokera m'thupi, kutsegula m'mimba n'kuwonjezereka. Kusungunula paketi yonse m'kapu imodzi n'koopsanso, chifukwa mchere umachuluka kuposa umene thupi la mwana lingapirire. Paketi ya lita imodzi isungunulidwe mu lita yathunthu, ndipo zotsala zikakwana maola 24 zitayidwe, mupange zina.